Chizungulire, dzanzi m'manja ndi befu pa nthawi ya nkhawa: choyang'ana, chochita, ndi pothamangira kuchipatala

Ndine nesi pa kiliniki ina muno m'Chipata. Ndalemba izi chifukwa vuto limodzi lomweli limabwera pakhomo pathu mobwerezabwereza, ndipo pafupifupi nthawi zonse operekeza wodwala amakhala atalikuza kale m'njira, mosadziwa, chifukwa cha chikondi.

Tsiku lina masana anabwera ndi mayi wogulitsa salaula, atamugwirira uku ndi uku. Zala za manja onse awiri zinali zitauma gwa, chala chachikulu chitapindikira m'chikhatho. Milomo ankati yachita dzanzi, maso akuchita chidima. Alamu ake ankamukupiza ndi chitenje uku akufuula kuti, "Amake mwana, kokani mpweya! Kokani kwambiri!" Mayiyo ankamveradi, akukoka ndi mphamvu zake zonse mpaka mapewa kufika m'makutu. Nditawerenga, ankapuma maulendo 32 pa mphindi imodzi. Kachipangizo kopana pachala kanaonetsa kuti okosijeni m'magazi ali pa 99. Shuga anali bwino, malungo sanapezeke, m'chifuwa munalibe phokoso lachilendo. Mpweya sunamuchepere mayiyu. Unali utamuchulukira.

Tinamukhazika pansi, tinapempha gulu lituluke, ndipo ndinakhala naye tikupuma pang'onopang'ono. Patatha mphindi pafupifupi 15 zala zinamasuka. Ndipamene anandiuza kuti zonse zinayamba atangolandira foni ya munthu amene anamukongoza ndalama za kaloba.

## Yambani mwaona izi

Nkhawa ndi yomaliza kuiganizira, osati yoyamba. Ngati pali chimodzi mwa zotsatirazi, siyani zophunzitsana kapumidwe, pezani galimoto mupite kuchipatala:

- chifuwa chikupweteka ngati chapanidwa ndi katundu wolemera, makamaka ululu ukamatsikira kudzanja kapena kukwera kunsagwada, thukuta lozizira lili kamukamu
- dzanzi kapena kufooka kuli mbali imodzi yokha ya thupi, kamwa lakhota, kapena mawu akutuluka mosamveka
- munthu wakomokadi, wagwa khunyu, kapena akuyankha zosokonekera
- m'chifuwa mukulira ngati kamluzu, kapena milomo ndi lilime zasintha mtundu
- thupi latentha, akutsokomola, kapena watsokomola magazi
- ndi mayi woyembekezera kapena amene wangochira kumene, kapena mwendo umodzi watupa ndipo ukupweteka
- ali ndi matenda a shuga, akupuma mozama mosalekeza, ludzu silikutha, akukodza pafupipafupi kapena kusanza
- wamwa mapiritsi ochuluka, kapena wachokera kopopera mankhwala m'munda wa thonje kapena wa fodya

Komanso ngati n'koyamba kuti zimenezi zikuchitikireni, kayezetseni ngakhale zitatha zokha. Amene muli kutali ndi tauni, kiliniki yapafupi ndiyo poyambira. Iwo adzaona ngati n'kofunika kukutumizani kuchipatala chachikulu cha Chipata, ku St Francis ku Katete, ku Mwami, kapena chipatala cha boma lanu.

## Chimene chimachitika m'thupi

Munthu wamkulu akakhala phee amapuma maulendo 12 mpaka 20 pa mphindi. Tikakoka mpweya timalowetsa okosijeni, tikatulutsa timachotsa mpweya wina wotchedwa kaboni dayokisaidi. Kusukulu tinaphunzira kuti wachiwiriwu ndi woipa, wofunika kuutaya. Zoona zake n'zakuti thupi limafuna kuti wina utsalemo, pa mlingo wake, monga mchere m'ndiwo.

Mantha akabwera, thupi limakonzekera kuthawa. Mtima umathamanga, mapapo amayamba kugwira ntchito ngati ya munthu amene akupalasa njinga yodzaza makala pa chitunda. Wopalasa njingayo minofu yake ikupanga kaboni dayokisaidi wambiri, choncho kupuma kwake kukungochotsa wochulukayo. Koma inu mwakhala pa mpando. Minofu sikupanga wochuluka, pamene mapapo akutaya mwamphamvu. M'mphindi zochepa mlingo wake m'magazi umatsika, ndipo pamachitika zinthu ziwiri.

Choyamba, mitsempha yopititsa magazi ku ubongo imafinyika pang'ono. Magazi ofika kumutu amachepa, ndiye mutu umapepuka, maso amachita nkhungu, zinthu zimaoneka ngati zili kutali kapena ngati kumaloto.

Chachiwiri, asidi m'magazi amachepa, ndipo izi zimachititsa kuti kashiamu wina amamatire ku mapuloteni a m'magazi m'malo moyenda momasuka. Mitsempha yomvera imadalira kashiamu womasukayo kuti ikhale yodekha. Akachepa, imayamba kutumiza mauthenga payokha: nyerere m'zala, dzanzi kuzungulira kamwa, kenako minofu ya manja kukokana. Kashiamuyo sanapite kulikonse, ndipo simufunika kugula mapiritsi ake. Kapumidwe kakabwerera m'malo, iye amamasukanso.

Choipa n'chakuti zizindikirozi zimaopsa. Munthu akaona manja akuuma amati ndi sitiroko, mantha amakula, amapuma kwambiri, manja amaumiratu. Ndi pamenepo pamene mawu akuti "kokani mpweya" amathira palafini pamoto.

## Mutu ukupepuka, maso akuchita chidima

1. Kupuma mopitirira. Kwa munthu amene chizungulire chimamupeza pamodzi ndi nkhawa, ichi ndicho chofala. Chimabwera ngakhale mutakhala pansi kapena mutagona, nthawi zambiri m'basi yodzaza, pamzere kubanki, m'chipinda cha mayeso, kapena usiku poganizira ngongole. Mutu umapepuka koma nyumba siizungulira. Pemphani wina awerenge kapumidwe kanu kwa masekondi 30 achulukitse kawiri. Ndi bwino awerenge musakudziwa, chifukwa munthu akadziwa kuti akumuyang'ana amasintha kapumidwe. Kupitirira 20 mutakhala chete ndiye kuti mwafulumira. Onaninso chimene chikuyenda: mapewa ndi chifuwa chakumtunda, kapena mimba. Chochita chili m'munsimu, pa gawo la kuchepetsa kapumidwe.

2. Njala, ludzu ndi dzuwa. M'mwezi wa Okutobala, munthu wochoka kunyumba m'mamawa wamwa tiyi yekha n'kuima pamsika mpaka masana sachedwa kuchita chizungulire. Ichi chimakula mukaimirira msangamsanga ndipo chimachepa mukagona pansi miyendo mutaikweza. Mkodzo umakhala wochepa, wachikasu kwambiri. Khalani pamthunzi, imwani madzi, idyani kanthu. Amene mumabaya jakisoni wa shuga kapena kumwa mapiritsi ake, kunjenjemera ndi thukuta muzikuona ngati shuga watsika kufikira mutayeza: sungunulani masupuni aang'ono 3 kapena 4 a shuga m'madzi mumwe, kenako mudye chakudya. Wokomoka sapatsidwa chakumwa.

3. Kuchepa kwa magazi. Kumakonda amayi oyembekezera, amene amataya magazi ambiri akakhala kumwezi, ndi amene adwala malungo posachedwa. Chizungulire chake sichibwera ngati mphezi n'kupita. Chimakhalapo masiku ambiri, ndipo befu limabwera mukakwera kachitunda kamene kale munkakwera mukucheza. Tsitsani chikope cham'munsi muone ngati m'kati mwayera, onaninso zikhatho. Kuyeza magazi kukiliniki ndi nkhani ya dontho limodzi. Malungo enieniwo muyezetsenso ngati thupi likutentha kapena kuphwanya.

4. Mankhwala. Ena ochepetsa kuthamanga kwa magazi amachititsa chizungulire poimirira, makamaka mukangowayamba kapena akakuwonjezerani mlingo. Musawasiye panokha. Tengani mapaketi onse mukawaonetse amene anakulemberani.

5. Mbaula m'nyumba yotseka. Ichi sichichitika kawirikawiri ngati zinazo, koma chimapha, choncho ndichedwapo. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi anthu amalowetsa mbaula kuchipinda n'kutseka zitseko ndi mawindo. Makala amatulutsa mpweya wapoizoni wopanda fungo kapena mtundu. Umayamba ndi mutu kupweteka, chizungulire, nseru ndi tulo. Chizindikiro chachikulu n'chakuti anthu awiri kapena atatu m'nyumba imodzi amva zofanana nthawi imodzi, ndipo akatuluka panja amapezako bwino. Nkhawa sichita choncho. Tulutsani aliyense panja, tulutsani mbaula, ndipo pitani kuchipatala mukanene mosabisa kuti munagona ndi makala, chifukwa kachipangizo kopana pachala kaja kamanamizidwa ndi poizoniyu, kamaonetsa nambala yabwino pamene munthu ali pangozi.

Ngati chimene mukumva n'chakuti nyumba ikuzungulira mukatembenuka pabedi kapena mukaweramutsa mutu, kwa masekondi angapo, nthawi zambiri vuto limakhala m'kati mwa khutu. Kupuma pang'onopang'ono sikungathetse zimenezo. Kaonaneni ndi adokotala.

## Manja achita dzanzi, zala zikuuma

Pano mafunso atatu amalekanitsa zambiri: kodi ndi mbali zonse ziwiri, kodi zabwera mwadzidzidzi, ndipo kodi zikutha?

1. Kupuma mopitirira. Dzanzi limayamba kunsonga za zala za manja onse awiri ndi kuzungulira milomo, nthawi zina ndi kumapazi. Limabwera m'mphindi zochepa, likutsatana ndi mantha, kulira kwambiri kapena mkangano. Pa maliro timaziona kwambiri: munthu walira mosisima kwa nthawi yaitali, akukoka mpweya motsatizana, kenako manja apindika, anthu n'kuyamba kunong'onezana kuti wagwidwa ndi mzimu wa malemu. Zalazo musaziwongole mokakamiza, mungomupweteka. Gwirani manjawo mofatsa, muuzeni kuti amasuka okha, ndipo muthandizeni kuchepetsa kapumidwe. Chizungulire ndicho chimayamba kuchoka, dzanzi limatsalira pang'ono. Musadabwe likatenga mphindi 10 kapena kuposa.

2. Mtsempha wapanikizika. Dzanja limodzi, pambuyo poligonera, kupalasa njinga mtunda wautali, kusoka kapena kutong'ola chimanga tsiku lonse. Milomo siikhudzidwa. Mukalikutumula limatsitsimuka. Likamakudzutsani usiku uliwonse, kalionetseni.

3. Mitsempha ikuwonongeka pang'onopang'ono. Ili ndi dzanzi losachoka, loyambira kumapazi, lotentha ngati mwaponda phulusa lamoto, lokula usiku. Limabwera ndi matenda a shuga, mowa wambiri, kachilombo koyambitsa edzi, kapena mankhwala a chifuwa chachikulu otchedwa ayisoniyazidi, amene amaperekedwanso poteteza matendawa. N'chifukwa chake mankhwalawa amayendera limodzi ndi kapiritsi ka vitamini B6. Ngati munasiya kumwa kapiritsiko poganiza kuti n'kosafunika, bwererani kukiliniki mukanene. Mankhwala a chifuwawo musasiye.

4. Sitiroko. Mbali imodzi, mwadzidzidzi, ndi kufooka. Muuzeni munthuyo amwetulire, akweze manja onse awiri, anene chiganizo chachifupi. Kamwa likakhota, dzanja limodzi likagwa, kapena mawu akasokonekera, nyamukani nthawi yomweyo ndipo kumbukirani ola limene zayamba. Ngakhale zitatha zokha pakapita mphindi zochepa, pitani ndithu.

## Mpweya sukufika pansi

Ambiri amafotokoza chonchi: "Asisita, ndikakoka mpweya sukukwana, ukuthera apa," akuloza pakhosi. Amayasamula pafupipafupi, amausa moyo, kufunafuna mpweya umodzi wokhutiritsa.

1. Chifuwa chadzaza kale. Munthu wamantha amakoka mpweya watsopano asanatulutse wakale wonse. Mapapo amakhala ngati chidebe chodzaza chimene mukufuna kuthiramo madzi ena, ndipo minofu ya pakati pa nthiti imatopa n'kuyamba kuwawa. Chodabwitsa, befu lotereli limakula mukakhala chete ndipo limachepa mukayamba kuyenda kapena kutanganidwa ndi ntchito. Befu la mtima, la mapapo kapena la kuchepa kwa magazi limachita mosiyana: limakula mukayenda. Kusiyana kumeneku n'kothandiza, ngakhale sikulowa m'malo mwa kuyezetsa. Mankhwala a befu la manthali ndi kutulutsa, osati kukoka.

Dziwaninso kuti ena sapuma mofulumira n'komwe. Mukawawerenga mupeza 16, koma pakangopita kanthawi amakoka mpweya waukulu n'kuusa moyo. Kuusa moyo kobwerezabwerezako n'kokwanira kusunga kaboni dayokisaidi ali wotsika tsiku lonse, moti kanthu kakang'ono kokha kamawagwetsera m'chizungulire.

2. Zakumwa zopatsa mphamvu, khofi ndi matsire. Oyendetsa magalimoto a mtunda wautali pa msewu wa ku Lusaka ndi ana a sukulu owerenga usiku pokonzekera mayeso a Giredi 12 amamwa zakumwa zimenezi motsatizana. Mtima umagunda, manja amanjenjemera, tulo timasowa, ndipo thupi limatanthauzira zonsezo ngati ngozi. Zisiyeni kwa milungu iwiri muone kusintha. Tsiku lotsatira kumwa mowa wambiri nalonso nkhawa imakwera.

3. Mphumu. Kutsokomola usiku, kulira kwa m'chifuwa, kubanika ndi utsi, fumbi kapena kuzizira. Wamphumu akabanika, apopere mankhwala ake kaye. Nkhani ya nkhawa ibwere pambuyo. Akalephera kumaliza chiganizo osapumira, kapena mankhwala opopera akapanda kuthandiza, n'zakuchipatala. Mankhwala opoperawa amatha kunjenjemeretsa manja ndi kuthamangitsa mtima kwa kanthawi, zimenezo zisakuopseni.

4. Chithokomiro chogwira ntchito mopitirira. Kuwonda uku mukudya bwino, kumva kutentha nthawi zonse, mtima kuthamanga ngakhale mutagona, nthawi zina khosi kutupa. Chimadziwika poyeza magazi.

## Kuchepetsa kapumidwe

Cholinga si kupuma mozama. Cholinga n'kupuma pang'ono, mochedwa, kuti kaboni dayokisaidi abwerere pa mlingo wake.

1. Khalani pansi, msana mutatsamira. Ngati muli pa njinga kapena mukuyendetsa galimoto, imani pambali. Masulani lamba kapena chitenje ngati chathina, gwetsani mapewa.
2. Yambani ndi kutulutsa. Sonkhanitsani milomo ngati mukuuzira phala la mwana pa supuni, mpweya utuluke pang'onopang'ono, osaukankha.
3. Tsekani pakamwa, kokani ndi mphuno, pang'ono chabe, ngati mukununkhiza ndiwo kuti mumve ngati zapsa. Mphuno ndi njira yopapatiza, imachepetsa yokha mpweya wolowa.
4. Ikani dzanja limodzi pamchombo, lina pachifuwa. La pamchombo ndilo liziyenda. La pachifuwa likhale ngati lagona.
5. Werengani. Poyamba kokani masekondi 2, tulutsani masekondi 4. Zikayamba kutheka, pitani pa 3 ndi 5, kenako 4 ndi 6. Pa 4 ndi 6 mukupuma maulendo 6 pa mphindi.
6. Pitirizani kwa mphindi zosachepera 5, mukuyang'ana wotchi, osati mongoganizira.

Mphindi yoyamba ndi yachiwiri zimavuta, ndipo ambiri amagonjera pomwepo. Thupi limakuwa kuti mpweya wachepa, mukubanika. Limbani mtima: kumva njala ya mpweya pang'ono ndi chizindikiro chakuti mlingo uja wayamba kukwera. Chilakolako chokoka mpweya waukulu chikabwera, mezani malovu, kenako tulutsani mochedwa. Mukalephera n'kukoka waukulu umodzi, palibe chaonongeka, bwererani powerenga.

Mantha oterewa nthawi zambiri amafika pachimake m'mphindi 10 zoyambirira, ndipo ambiri amatha mphindi 30 zisanakwane. Pambuyo pake munthu amatopa ngati walima ndime yonse, nthawi zina mutu umawawa. N'zachibadwa.

### Ngati ndinu wothandiza

Munthu mmodzi yekha ndiye alankhule, ena apatuke. Khalani kutsogolo kwake, maso anu alingane ndi ake. Musanene kuti "palibe chimene chikukuvutani", chifukwa dzanzilo ndi lenileni ndipo akulimva. Kwa mayi wasalaula uja ndinanena kuti: "Amayi, mpweya muli nawo wokwanira, taonani nambala iyi. Manja auma chifukwa mwapuma kwambiri, amasuka. Tiyeni titulutse limodzi, tsatirani dzanja langa." Ndinkakweza dzanja pang'ono pokoka, n'kulitsitsa mochedwa potulutsa. Munthu wamantha samva malangizo ataliatali, koma maso ake amatsata dzanja.

Musamuthire madzi kumaso, musamumenye mbama, musamufukizire utsi kapena kumununkhitsa zinthu zoyabwa m'mphuno. Ofuna kupemphera apemphere, ine sindiletsa, koma motsitsa mawu. Kumuzungulira ndi kufuula kumathamangitsa mtima umene tikufuna kuukhazika.

### Za kupumira m'thumba

Ena anamva kuti munthu wotere apumire m'thumba la pepala. Kale zinkaphunzitsidwadi, koma masiku ano sitilimbikitsa. Ngati amene mukumuyesa wankhawa ali ndi mphumu, vuto la mtima kapena magazi oundana m'mapapo, thumbalo limamuchepetsera okosijeni pa nthawi imene akumufunitsitsa, ndipo kunyumba mulibe choyezera kuti musiyanitse. Thumba la pulasitiki ndiye musayerekeze n'komwe.

## Ndayesa koma sizikutheka

Chizungulire chikukula ndikamachita zimenezi. Pafupifupi nthawi zonse ndiye kuti mwachedwetsa kapumidwe koma mwakulitsa mpweya uliwonse. Maulendo 6 a mpweya wodzaza chifuwa chonse angathe kutaya kaboni dayokisaidi wochuluka ngati maulendo 20 aang'ono. Chepetsani kukula kwake. Munthu wokhala pambali panu asamve phokoso la kupuma kwanu.

Sindikufika pa 4 ndi 6. Musakakamize. Khalani pa 2 ndi 4, kapena siyani kuwerenga muyambe kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi yoyenda pang'onopang'ono, pakamwa mutatseka. Munthu sangang'ung'udze uku akukoka mpweya, choncho kutulutsa kumatalika kokha.

Kuganizira kapumidwe kukundiwonjezera mantha. Zimachitika kwa ena. Tulutsani maganizo kunja kwa thupi: tchulani mokweza zinthu zisanu zimene mukuona, werengani chobwerera kuchokera pa 100 mukuchotsa 3, kapena yendani pang'onopang'ono pabwalo pakamwa mutatseka, ngati chizungulire chikulola. Kuyenda kumapangitsa minofu kubweza kaboni dayokisaidi uja.

Mphuno yatsekeka. Pumirani pa kampata kakang'ono ka milomo, polowetsa ndi potulutsa pomwe.

Mimba siikuyenda. Izi siziphunzirika pakati pa mantha. Gonani chagada nthawi imene muli bwino, mawondo mutapinda, ikani buku pamchombo, ndipo muzilikweza pang'ono ndi mpweya. Mphindi 5 m'mawa, mphindi 5 madzulo, tsiku lililonse kwa milungu ingapo. Amene amadikira tsiku la vuto kuti ayese koyamba ndi amene amabwera kudzandiuza kuti njirayi siigwira.

Papita mphindi 30 palibe kusintha. Lekani, pitani kuchipatala. Mwina si nkhawa yokha.

## Zikamabwerabwera

Kapumidwe kamazimitsa moto wa tsikulo, koma sikachotsa chimene chikuuyatsa. Lembani m'kope nthawi iliyonse zikachitika: tsiku, malo, chimene chinachitika zisanayambe, chimene munadya kapena kumwa, ndi mphindi zimene zinatenga. Kope limeneli limatithandiza kuposa mawu akuti "zimangobwera". Ambiri akalemba kwa mwezi amaona okha kuti zimagwa chakumapeto kwa mwezi, kapena tsiku la chilimba likayandikira, kapena bambo akunyumba akachedwa kubwera.

Kaonaneni ndi azaumoyo, ndipo mutchule mawu akuti nkhawa poyera, ngati:

- zikubwera mobwerezabwereza, kapena tsiku lonse mumakhalira kuopa kuti zibweranso
- mwayamba kupewa basi, msika, tchalitchi kapena sukulu poopa kugwa pagulu
- mwayamba kumwa mowa kapena mapiritsi ogonetsa kuti mtima ukhale pansi
- zinayamba pambuyo pa ngozi, imfa, kapena nkhanza za m'banja

Kupewa malo kumaoneka ngati nzeru, koma kumakulitsa vuto. Mukathawa m'basi mantha ali pachimake, thupi limaphunzira kuti basiyo ndiyo inali ngozi, ndipo ulendo wotsatira mantha amayambira pa siteshoni. Chithandizo cha uphungu chimene chimagwira bwino pa vutoli chimaphunzitsa munthu kubwerera ku malo amenewo pang'onopang'ono, ndi kuzolowera zizindikirozo mpaka zitasiya kumuopsa. Alipo mankhwala a tsiku ndi tsiku amene adokotala angalembe, ndipo amatenga milungu ingapo asanayambe kugwira, choncho musawataye pa sabata yoyamba. Mapiritsi ogonetsa monga dayazepamu amatonthoza msanga koma thupi limawazolowera. Musagule kapena kupempha kwa anzanu. Funsani pa kiliniki yanu kuti amene amaona za umoyo wa maganizo amapezeka kuti ndiponso masiku ati. Kupita kwa iwo sikutanthauza misala.

Ngati nkhawayo yafika poti mukuganiza zodzipweteka kapena kudzipha, musagone nazo nokha usiku umenewo. Uzani munthu amene mumamukhulupirira akuperekezeni kuchipatala, kapena imbani nambala yaulere ya uphungu ya 933; ana ndi achinyamata aimbe 116.

Mayi wasalaula uja anabweranso patatha milungu itatu, kudzayezetsa magazi monga tinamuuzira. Anati zinamuyambanso kamodzi akumasula belo, milomo itayamba kale nyerere. Anakhala pa belo lomwelo, anatseka pakamwa, dzanja pamchombo, n'kumang'ung'udza nyimbo ya kwaya. Mnzake wa benchi loyandikana anathamanga ndi chitenje kuti amukupize, iye anangomukwezera dzanja kuti adikire. Zala sizinafike popindika. Ngongole ya kaloba inali ikadalipo, ndipo tsiku limenelo tinakhala nthawi yaitali tikukamba za iyo kuposa za mapapo.